Chitini cha nambala 2 chomwe chinalowa mnyumba mwana ali ndi miyezi inayi

Mwana wanga anabadwa mu Januwale 2024, nthawi ija kolera inavuta muno mu Lusaka mpaka odwala kumakagonekedwa ku Heroes Stadium. Miyezi itatu yoyamba zinali za bere basi, za zitini sindinkazidziwa n'komwe, ndikadutsa pa shelefu ya ana mu Shoprite ndinkangoona ma NAN, ma Lactogen, ma S-26, ma Infacare ali ndandanda ine n'kumati izi n'za anthu a ku Kabulonga. Koma tchuthi cha uchembere ndi masabata 14 chabe malinga ndi lamulo la ntchito la 2019, nde mu Epulo ndinabwerera kuntchito mu tauni pomwe tikukhala ku Mtendere. Lamulo lomwelo limapatsa mayi ola limodzi patsiku loti akayamwitse, koma inu mukuidziwa mizere ya mamotoka masana, ola limodzi lingathere mu minibasi musanafike n'komwe pakhomo. Ndinayesa kufinya mkaka wanga n'kumasiya mu fuliji, malaiti nawo ndi omwe aja a 2024, kuzima mmawa kubwera usiku, mtima sunkakhala pansi. Mapeto ake tinagwirizana ndi bambo ake kuti masana azimwa wa mchitini, usiku ndi mmamawa aziyamwa.

Ndisanagule ndinafunsa kusikelo. A sisita anayamba ndi kundikumbutsa kuti miyezi 6 yoyamba bere lokha ndiye loyenera, anandionetsanso kafinyidwe kabwino, koma ataona kuti ndatsimikiza anati, "Amayi, dzina la mkaka ine sindikusankhirani, lamulo silitilola kutsatsa mikaka imeneyi. Mukagule wolembedwa 1, woyambira pobadwa. Dzina musavutike nalo, onani nambala." Ndinamva ndithu, ndinagula wa 1, mwana anaulandira bwinobwino. Cholakwa changa n'chakuti mawu amenewo ndinawasunga mmutu mwanga ndekha, sindinawauze bambo ake kapena mng'ono wanga yemwe anabwera kuchokera ku Katete kudzalera mwana. Kwa iwo mkaka unali dzina ndi mtundu wa chitini basi.

Chapakati pa Meyi mwana ali ndi miyezi inayi, mkaka unatha Lamlungu madzulo. Bambo ake anathamangira pa kashopu kena pafupi, wa 1 kunalibe, kunali wa 2 wa dzina lomwelo, chitini kufanana kwambiri kungosiyana kanambala ndi kamzere ka mtundu wina. Mnyamata wogulitsa akuti anawauza kuti ndi chimodzimodzi chabe, 2 ndiye wamphamvu, mwana amakhuta msanga. Munthu wamwamuna kumva kuti wamphamvu kkkk anabwera akunyadira. Ine ndinali nditatopa, ndinaona chitini chili pa kabati sindinachitembenuze n'komwe.

Patapita masiku anayi kapena asanu mwana anayamba kuvutika pochita chimbudzi. Amakankha mpaka nkhope kufiira, kulira, miyendo kuipinda, kenako kutuluka timibulu touma ngati ta mbuzi. Matewera onyowa anachepanso, ndipo mkodzo unali wachikasu kwambiri. Apongozi pafoni anati mumupatse madzi a shuga pang'ono, a neba anati ndi mano, miyezi inayi! Ine Lachisanu ndinapempha kuntchito n'kupita naye ku kiliniki, ndipo mwamwayi ndinaponya chitini mchikwama poganiza kuti mwina afunsa dzina.

A sisita sanayang'ane dzina. Anatembenuza chitini, chala pa kanambala, n'kundiyang'ana. "Amake mwana, mwana ali ndi miyezi ingati?" Ndinati inayi. "Nanga apa alemba chiyani?" Pansi pa 2 paja panali polembedwa bwinobwino kuti kuyambira miyezi 6 mpaka 12, ndipo kumbuyo kunali chenjezo loti usaperekedwe kwa mwana wosakwana miyezi 6. Manyazi anandigwira abale, munthu woti ndinapita kusukulu, chizungu ndimawerenga tsiku ndi tsiku kuntchito.

Zomwe anandifotokozera tsiku limenelo ndi zomwe ndakhala ndikuwerenga pazitini kuchokera pamenepo ndi izi. Nambala si giredi ya ubwino ngati ufa wa bulekifasi ndi rola, ndi msinkhu wa mwana. Wa 1 anaupanga kuti ukhale chakudya chokhacho cha mwana, nde zonse zomwe thupi lake likufuna zili momwemo pa muyeso woti impso ndi mimba ya khanda zikwanitse. Mu mkaka muli mapuroteni a mitundu iwiri, weyi ndi kesini. Weyi ndi wofewa, amadutsa msanga mmimba, pomwe kesini amaundana ngati chambiko n'kukhalitsa. Wa 1 nthawi zambiri umakhala ndi weyi wambiri kutengera mkaka wa mmawere, pomwe wa 2 kawirikawiri kesini amakhala wochulukirapo, ayironi nayenso wochulukirapo, chifukwa anaupangira mwana yemwe wayamba kale kudya phala ndipo mkaka ndi mbali chabe ya chakudya chake. Nde kukhuta msanga komwe ankanena mnyamata uja si bodza kwenikweni, koma kwa mwana wa miyezi inayi kukhuta kumeneko ndi mimba kulemedwa. Wa 3 ndiye wa ana a chaka chimodzi kupita mtsogolo, umenewo kwa khanda musayerekeze n'komwe.

China chomwe chinandidabwitsa, anati kusinthaku kumayenda mbali imodzi. Mwana wa miyezi 9 angathe kumwa wa 1 popanda vuto, ndipo mukhoza kukhala pa 1 mpaka chaka chonse osagulako 2, bola akudya zakudya zina zokhala ndi ayironi. Koma mwana wa miyezi inayi sangakwere kupita pa 2. Nde ngati pashopu mwapeza nambala yanu yatha, kuli bwino kutenga wa 1 wa dzina lina kusiyana ndi wa 2 wa dzina lomwe munazolowera. Ife tinachita zosemphana ndendende.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pa nambala, koma a sisita anafunsa kuti amasungunula ndani masana, ndipo mng'ono wanga anali panja ndi chikwama, anamuitana. Anamupatsa botolo ndi chitini kuti aonetse mmene amachitira. Mwana wa mayi anga anatapa sikupu, kasupuni kaja kobwera mchitini, yodzaza mpaka kaphiri pamwamba, kasanu, kuthira mu botolo louma, kenako n'kunena kuti apa ndimathira madzi mpaka pa 150. A sisita anangogwira kukamwa. Zolakwika ziwiri pakamodzi. Choyamba sikupu imafunika kusalaza pamwamba ndi kumbuyo kwa mpeni woyera kapena kampendero kamene kamakhala mkamwa mwa chitini, osasiya kaphiri komanso osatsendera. Chachiwiri madzi ndiye amayamba, muyeze 150 ml ya madzi okha, kenako ufa pamwamba pake, mukakhutchumula mupeza zakwera kufika cha mma 165 kapena 170 ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukayamba ndi ufa, ufawo umatenga malo a madzi, nde mwana wanga ankamwa ufa wopitirira muyeso mmadzi osakwana, botolo lililonse, kuonjezera pa mkaka woti si wa msinkhu wake. Mng'ono wanga sankachita mwa nkhanza ai, iye amati mkaka ukhale wokoma ngati mmene timathirira mu tiyi kumudzi, wopyapyala ndi wa anthu oumira.

Anamuyeza mwana, anamugwira paliwombo, anaona mkamwa kuti simunaume, anati sanafike poipa. Anatiuza kubwerera pa 1 tsiku lomwelo, kusungunula motsatira chitini, kuyamwitsa kwambiri ndikakhala pakhomo, madzi a shuga ai. Anatinso akayamba kusanza, mimba kutupa, magazi mchimbudzi kapena kufooka osafuna kuyamwa tibwerere msanga osadikira. Pofika Lachiwiri chimbudzi chinali chitafewa, matewera onyowa anabwerera pa 6 kapena kuposa patsiku, yomwe ndi nambala anandiuza kuti ndiziwerenga. Chitini cha 2 chija chinali chotsegula kale, ndipo chotsegula sichidikira miyezi iwiri, pa chathu analemba kuti chithe mkati mwa masabata anayi, nde tinamwera mu tiyi ife akuluakulu, tiyi wodula kwambiri yemwe ndinamwapo.

Manje za ndalama, chifukwa ndi zomwe zinandipangitsa kusintha dzina la mkaka mu Juni. Mwana wosakwana miyezi 6 amene akumwa wa mchitini wokha amafuna pafupifupi 150 ml pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku. Wanga anali ndi makilo 6, nde akanakhala wosayamwa ndi 900 ml patsiku, masikupu 30 a magalamu anayi ndi kakanthu, kutanthauza ufa wokwana cha mma 130 g tsiku lililonse, chitini cha 400 g masiku atatu chatha. Ife poti usiku amayamwa, amamwa mabotolo atatu a 150 ml masana, chitini chimodzi kumatenga masiku 6. Zitini zisanu pamwezi, pa malipiro anga zinkamveka ndithu. Apa m'pamene anthu ambiri amayamba kuchepetsa masikupu kuti chitini chifike kumapeto a mwezi, ndipo izi n'zoopsa kuposa zomwe tinachita ife, chifukwa mwana amaoneka kuti wakhuta koma wakhuta madzi, mzere wa pa khadi la sikelo umayamba kugona mmalo mokwera, ndipo madzi akachulukitsa khanda likhoza kukomoka. Ine ndinaona kuti bola kutsika pa dzina kusiyana ndi kutsika pa sikupu.

Nde Loweruka lina ndinaima pa shelefu pafupifupi theka la ola, zitini zitatu za nambala 1 mmanja, mpaka mlonda kuyamba kundizungulira. Ndinkafuna kuona kuti chodulacho chili ndi chiyani chomwe chotchipa chilibe. Pa tebulo la zakudya kumbuyo, zonse zitatu zinali pakati pa makalori 60 ndi 70 pa 100 ml ya mkaka wosungunula, chifukwa pali muyeso wa dziko lonse womwe mkaka wa makanda uyenera kukwaniritsa, puroteni, mafuta, ayironi, mavitamini, zonse zili ndi malire a pansi ndi pamwamba. Kusiyana kwake kunali pa zoonjezera zomwe amazilemba ndi zilembo zazikulu kutsogolo, komanso pa mndandanda wa zosakaniza. Mndandanda umenewu suli mwachisawawa, chomwe chachuluka polemera ndicho chimayamba, chochepetsetsa chili kumapeto. Nde simufunika kumvetsa mawu onse ovuta aja a kumunsi, werengani zinayi kapena zisanu zoyamba basi. Ine ndimafuna kuona mkaka wochotsa mafuta, weyi, lakitozi ndi mafuta a zomera. Lakitozi ndiye shuga wachilengedwe wa mumkaka, ngakhale wa mmawere ali momwemo, nde musachite naye mantha. Chomwe ndimayang'anitsitsa ndi pamene mmalo mwa lakitozi pabwera silapu wa gulukozi, silapu wa chimanga kapena motodekisitirini koyambirira kwenikweni, makamaka sukurozi yemwe ndi shuga wathu wa mu tiyi yemweyu. Motodekisitirini pang'ono amapezeka mmikaka yambiri ndipo ndi wololedwa, si poizoni, koma pakati pa zitini ziwiri za mtengo wofanana ine ndimatenga chomwe lakitozi ali patsogolo. Sukurozi mu mkaka wamba wa khanda ndiye ndimabweza pa shelefu.

Ndinatenga chotchipa pa zitatuzo, ndipo apa panali msampha wina womwe ndikanagweramo ndikanapanda kuphunzira mu Meyi. Chitini chakale chinali sikupu imodzi pa 30 ml ya madzi, chatsopanochi sikupu imodzi pa 25 ml. Ndiye kuti botolo lomwe lija la 150 ml silifunanso masikupu asanu, lifuna 6. Mng'ono wanga akanapitiriza ndi asanu a chizolowezi, ulendo uno mwana akanamamwa wopyapyala. Masikupu enieniwo ndi osiyana kukula, ukawaika pamodzi umaona, nde yakale ndinaitaya mu bini pompo kuti isasokoneze, n'kulemba ndi maka pa chivundikiro kuti madzi 150, masikupu 6. Komanso poyerekeza mtengo musangoona kulemera kwa chitini, onani kuti sikupu yake ndi magalamu angati ndipo botolo limodzi likudya masikupu angati, mugawe muone kuti chitini chikupatsani mabotolo angati. Chotchipa pa shelefu nthawi zina chimatha msanga. Changa nditawerengera chinali chotchipabe ndithu, ndipo mwana masiku awiri oyamba chimbudzi chinasintha mtundu pang'ono kenako zinakhazikika.

Pa shelefu yomweyo kapena moyandikana pamakhala mikaka ya ufa ya banja lonse ngati Nido wamba, ndi zoyeretsera tiyi ngati Cremora. Mtengo wake umakopa zoona, koma werengani pa paketi, eni ake amalemba okha kuti si za makanda. Mkaka wa ng'ombe wa ufa uli ndi puroteni ndi mchere wochuluka kwa impso za khanda koma ayironi wochepa, ndipo choyeretsera tiyi ndiye si mkaka n'komwe, ndi silapu ndi mafuta. Komanso mkaka womwe ena amaupima mu timapulasitiki ngati pamela pa kantemba, kwa mwana ine ai, chifukwa palibe nambala, palibe deti, palibe sikupu, sudziwa kuti chitini chake chinatsegulidwa liti. Deti imakhala pansi pa chitini, pamakhala ziwiri, yopangira ndi yothera, musazisokoneze. Chitini chophwanyika mmbali kapena cha dzimbiri ndimachisiya ngakhale deti ili bwino. Za mikaka ya soya ndi ija yopanda lakitozi, mnzanga wa kuntchito ankandikakamiza nthawi ya vuto ija kuti ndisinthire kumeneko, koma imeneyo ndi ya ana omwe adokotala awaona kuti ali ndi vuto lenileni. Vuto la wanga linali nambala ndi sikupu, soya sakanakonza kanthu.

Madzi ndinganene mwachidule poti chaka chimenecho kolera inatiphunzitsa tonse. Ufa wa mchitini si woti mulibiretu tizilombo ai, n'chifukwa chake malangizo a WHO amati madzi awire, muwasiye osapitirira mphindi 30 kuti akhale akadali otentha madigiri 70, musungunule, kenako muziziritse botolo mu beseni ya madzi ozizira n'kudontheza pa mkono kuti mumve. Malaiti akapita tinkawiritsa pa mbaula mmawa n'kuthira mu fulasiki, n'kumapanga botolo limodzi limodzi nthawi yomwe mwana akufuna. Wosungunula ukakhala panja maola awiri ndi wotaya, ndipo wotsala mu botolo mwana atamwako sitinkasungira nthawi ina, ngakhale zimapweteka kutaya ndalama mu sinki.

Kenako inafika nkhani ya phala. Apongozi anabwera mu Juni mwana ali ndi miyezi isanu atanyamula bokosi la phala la ana logula, ati mwanayu akulira usiku chifukwa cha njala, muthire masupuni awiri mu botolo mukuze kabowo ka nsonga agone. Ulendo uno ndinatembenuza bokosi iwo ali pompo. Kuyambira miyezi 6. Nditayang'anitsitsa linali la uchi. Ndinati, "Amayi, zikomo kwambiri mwatiganizira, koma a sisita anatiletsa mpaka akwane miyezi 6, ndipo cha uchi chilichonse anati mpaka chaka." Sanasangalale, anati bambo ake mwanayu anayamba phala ali ndi miyezi itatu ndipo si uyu ali apayu. Ndinangoseka nawo, kukangana ndi apongozi sikuphula kanthu, koma bokosi linakwera pamwamba pa kabati. Uchi kwa mwana wosakwana miyezi 12 ungabweretse matenda a botulizimu omwe amafooketsa thupi lonse mpaka kupuma, nde ine ngakhale bokosi litalemba msinkhu wocheperapo, ndikaona uchi pa mndandanda ndimadikira. Ndipo phala mu botolo ai, mwana akhoza kutsamwa, phala ndi la supuni mwana atakhala tsonga.

Mu Julayi atakwana miyezi 6, khosi lalimba, akukhala mothandizidwa, akulondola supuni ndi maso, ndinapita kukasankha ndekha. Pa shelefu pali ma Cerelac, ma Nestum, ma Purity ndi ena, ndipo chinthu choyamba chomwe anthu ambiri sationa ndi chakuti mapalawa ali mitundu iwiri. Ena muli kale mkaka, mumangothira madzi owiritsa ofunda. Ena mulibe mkaka, amafuna muthire mkaka womwe mwana amamwa, wa mmawere kapena wa mchitini wosungunula kale. Dzina limodzi likhoza kukhala ndi mitundu yonse iwiri, nde musadalire dzina, zalembedwa kutsogolo kapena pa malangizo. Mukathira madzi mu lomwe limafuna mkaka mwana akudya phala losakwanira, mukathira mkaka mu lomwe muli kale mkaka likhala lolemera mopitirira. Izi zimakhudzanso mtengo, bokosi lopanda mkaka limaoneka lotchipa koma likudyerani masikupu a mchitini.

Miyezi ya pa mabokosi, 6, 7 kapena 8, 9, 12, kwambiri imanena za kukhakhala kwa phala ndi zomwe asakanizamo. La miyezi 6 ndi losalala, la mbewu imodzi monga mpunga, chimanga kapena tirigu, pomwe a mtsogolo amakhala ndi tizidutswa toti mwana aphunzire kutafuna. Ine ndinayamba ndi la mbewu imodzi kuti chikamuvuta ndidziwe kuti ndi chiti, masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri patsiku, lolimba loti silikuyenderera pa supuni.

Pa mndandanda wa zosakaniza ndinagwiritsa nzeru yomwe ija ya pa zitini. Bokosi lina shuga anali wachitatu, kungochoka pa ufa ndi mkaka, lina analibiretu pa mndandanda. Kutsogolo onse awiri anali ndi zithunzi za zipatso ndi mavitamini olembedwa mokongola. Tebulo la kumbuyo limasokoneza pang'ono chifukwa pa mzere wa shuga amaphatikiza ndi lakitozi wa mumkaka ndi shuga wa zipatso, nde phala lokhala ndi mkaka limaoneka la shuga wambiri ngakhale sanathiremo wa mu tiyi. N'chifukwa chake ndimayamba ndi mndandanda, ndikapezamo shuga, sukurozi, silapu, uchi kapena madzi a zipatso ouma m'pamene ndimapita pa tebulo kukawerengera. Kawerengedwe kake n'kosavuta, magalamu 4 a shuga ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Tinene kuti bokosi lalemba 24 g pa 100 g, ndipo mwana mukumupatsa 25 g ya ufa pa kudya kumodzi, ndiye kuti 6 g, kasupuni kamodzi ndi theka, kawiri patsiku atatu, kwa kamunthu ka makilo 7. Samalani kuti mukuyerekeza mizere yofanana, bokosi lina limalemba pa 100 g ya ufa, lina pa mbale imodzi yokonza kale. Apongozi atamva kuti ndagula lopanda shuga anati koma shuga wa muno mu Zambia muli vitamini A, zomwe ndi zoona, amathiramo, koma mwana vitamini A amalandira kadontho kusikelo kuyambira miyezi 6 ndipo ali mu mkaka, mu maungu ndi mu mbatata yofiira mkati, sitingamumwetse shuga chifukwa cha zimenezo.

Chomwe ndinkalipirira kwenikweni pa phala logula ndi ayironi. Mwana amabadwa ndi nkhokwe yake ya ayironi yomwe imayamba kutha cha pa miyezi 6, ndipo phala la ufa woyera lokha silimubwezera. Nde ndimaona kuti ayironi alipo pa mndandanda ndi pa tebulo, ngati palibe bokosilo silikuposa phala la pakhomo. Kunena zoona ife logula linali la masiku a ntchito chabe, poti ndi losavuta kwa mng'ono wanga malaiti kulibe. Loweruka ndi Lamlungu ndinkaphika la mgaiwa, kuthira nsinjiro zosefa bwino za mtedza wosankha wopanda chuku, tsiku lina kapenta wokazinga wosinja, tsiku lina dzira, opanda mchere opanda shuga, ndipo pofika miyezi 9 ankalikonda kuposa la mbokosi.

Pa 2 tinadzapitako ali ndi miyezi 7, osati chifukwa chokakamizika koma poti mwezi umenewo ndi umene unkapezeka pafupi, ndipo sikupu ndinaiwerenganso mwatsopano. Wa 3 sindinagulepo, atakwana chaka a sisita anati mkaka wa ng'ombe wamba wosachotsa mafuta mu kapu ukwanira pamodzi ndi nsima ndi ndiwo zomwe tikudya tonse, ndipo nditatembenuza chitini china cha 3 mu shopu ndinapeza shuga pa mndandanda, ndinachibweza. Bokosi la uchi la apongozi lija pomwe mwana amakwana chaka deti inali itadutsa ndi mwezi umodzi, ndinawauza kuti linatha kalekale ndipo mdzukulu wawo analikonda. Bambo ake mpaka lero akapita kukagula chilichonse cha mwana, ngakhale mankhwala a chifuwa, amayamba atumiza chithunzi pa WhatsApp ali mu shopu momwemo, kutsogolo ndi kumbuyo, ine n'kukuza chithunzicho ndi zala kenako n'kuyankha kuti tengani kapena bwezani.